“Akuti r wanga ndi wa matama”: chifukwa chake khutu limagwira kaliwu kamodzi

*Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 24. Ndinakulira ku Area 47 mu Lilongwe, ndipo sukulu zimene ndinaphunzira zinali zoletsa kuyankhula Chichewa. Ndimawerenga zolengeza kutchalitchi kwathu ndipo ndikufuna ntchito yowerenga nkhani pa wailesi. Azakhali anga a ku Mtandire amati ndikamanena “zambiri” kapena “bwerani” ndimamveka wodzimva, ndipo kumene ndinakayesedwa mawu anandiuza kuti r wanga ndi wachizungu. Koma mlongo wanga amatchula chimodzimodzi, iye anzake amangoti ndi dolo. Kodi kaliwu kamodzi kangandiipitsire mbiri chonchi? Ndikasiye?*

Chemwali, mtima m'malo. Lilime lanu lilibe chilema, ndipo Chichewa chanu sichinaonongeke. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa za zinenero ndi kumvetsera mmene anthu a mumzinda uno amayankhulira, ndipo zimene mwakumana nazozi zili ndi mutu wake. Azakhali anu akumvadi kanthu, sakungokupezerani chifukwa. Koma chimene akumvacho ndi china, tanthauzo limene akuchipatsa ndi linanso, ndipo mukalekanitsa ziwirizi mudzatha kusankha nokha chochita popanda kuchita manyazi ndi pakamwa panu.

Tiyambire m'kamwamo. Tchulani mawu oti “mbiri” pang'onopang'ono muli pagalasi. Mwa anthu ambiri amene anayamwira Chichewa, nsonga ya lilime imakwera n'kugunda kamodzi pa nkhama za kuseri kwa mano a m'mwamba, n'kubwerera msangamsanga. Kugundako ndi kwakufupi kwambiri, mwina magawo 20 kapena 30 mwa magawo 1000 a sekondi. Kwa ena mpweya umadutsa m'mbali mwa lilime, kaliwuko n'kumveka ngati l. R wa Chingerezi amene munaphunzira kusukulu amapangidwa mwa njira ina. Lilime siligunda paliponse. Limapindikira m'mbuyo kapena kudzikundikira pakati pa kamwa, milomo n'kusongokako pang'ono, ndipo kaliwuko kamatalika n'kudetsa mavawelo oyandikana nako. Ndiye chifukwa chake “zambiri” wanu amasiyana ndi wa azakhali kuyambira pa i woyamba uja mpaka pa i wotsiriza.

Pali chinthu chimene chimandichititsa chidwi nthawi zonse ndikamaphunzitsa zimenezi. M'Chichewa, l ndi r sasiyanitsa mawu. Wina anene “kulira”, wina anene “kulila”, mwana akulirabe yemweyo. Malamulo a kalembedwe amene bungwe loona za Chichewa linatulutsa mu 1973 amati tilembe r pambuyo pa i ndi e, ndipo l pambuyo pa a, o, u ndi kumayambiriro kwa mawu. N'chifukwa chake timalemba “bwera” koma “mwala”. Mawu obwereka anatsata njira yomweyo: tili ndi “buledi” ndi “sitolo”, amene m'Chingerezi ali ndi r, pomwe “diresi” anasunga r chifukwa watsatana ndi i. Dzina la Mtandire lenilenilo mudzaliona litalembedwa pena ndi r, pena ndi l, ndipo palibe amene amasochera. Khutu la Mchewa linazolowera kulola l ndi r wogunda kusinthana popanda kudandaula.

Tsono ngati khutulo ndi lololera chonchi, r wanu limamugwira bwanji? Zifukwa ndikuziona zitatu, ndipo zimathandizana. Choyamba ndi mtunda. L ndi r wogunda ndi apachibale, onse lilime limafika pa nkhama, koma r wanu ali kunja kwa bwalo limene khutu limayembekeza. Chachiwiri ndi chakuti kaliwu kameneka kali ndi chilembo chake, choncho anthu amatha kukatchula dzina n'kukaloza. Pali zosiyana zambiri m'kayankhulidwe ka mumzinda muno zimene anthu amazimva koma sangathe kuzinena, amangoti “uyu sayankhula ngati wakuno”. Taonani ŵ wa m'dzina la Malaŵi. Achikulire ena amamutchulabe milomo itangoyandikana, ana ambiri a m'tauni amangoti w wamba, koma simudzamva kawirikawiri munthu akunenedwa kudepoti chifukwa cha zimenezo.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo chili ndi ululu mkati mwake. Amalawi ambiri anasekedwapo m'kalasi chifukwa chosokoneza l ndi r poyankhula Chingerezi. Ena anakwapulidwa kumene. Munthu amene anaimitsidwa kutsogolo kwa anzake kuti abwereze mawu amodzi kasanu, anzakewo ali gwaa kuseka, sadzaiwala kaliwu kameneko moyo wake wonse. Kuyambira tsiku limenelo r wa Chingerezi amasanduka chipata chimene ena analowa, iye n'kutsala panja. Ndiye akamumva r yemweyo ali pakati pa mawu a Chichewa, m'chinenero chimene iye amadziona kuti ndi mwini wake, khutu lake silingamudutse. Ine sindiwaweruza azakhali anu. Ndikuganiza kuti chimene chimawafika pamtima ndi fizi ya sukulu imene r ameneyo amawakumbutsa, yomwe inu simunasankhe, munangopezeka muli m'menemo.

Akatswiri a za chinenero ndi chikhalidwe anafika pomvetsa zinthu zotere pang'onopang'ono, ndipo mayi wina wa ku Amereka, Penelope Eckert, m'chaka cha 2012 anagawa ulendowu m'mafunde atatu. Funde loyamba linayambira pa r yemwe. Mu 1962 William Labov analowa m'masitolo atatu akuluakulu a ku New York, imodzi ya olemera, ina ya anthu apakati, ina yotchipa. Ankafunsa ogulitsa kumene angapeze katundu amene iye ankadziwa kale kuti ali pa nsanjika yachinayi, chifukwa yankho lake m'Chingerezi ndi mawu awiri okhala ndi r. Akayankhidwa ankachita ngati sanamve, kuti munthuyo abwereze mosamala. Anafunsa anthu 264, ndipo anapeza kuti r ankamveka kwambiri m'sitolo ya olemera ndipo ankasowa kwambiri m'sitolo yotchipa. Koma ku Mangalande zinthu ndi zotembenuka, kayankhulidwe kolemekezeka kumeneko ndi komeza r wa kumapeto kwa mawu. Kaliwu kamodzi komweko, kwina ulemu, kwina ayi.

Funde loyambalo linkaona munthu ngati wongonyamula chizindikiro cha gulu limene anabadwiramo: olemera atere, osauka atere. Funde lachiwiri linalowa m'magulu ang'onoang'ono amene anthu amapanga okha. Eckert yemweyo anakhala nthawi yaitali pa sukulu ina ya sekondale pafupi ndi mzinda wa Detroit, ndipo anapeza kuti katchulidwe ka mavawelo ka ana kankatsata kwambiri gulu la anzawo, lomamatira za sukulu kapena lokana za sukulu n'kuyang'ana za m'tauni, kuposa ntchito za makolo awo. Funde lachitatu ndi limene likuyankha funso lanu. Ilo limati kaliwu kalibe tanthauzo limodzi lokhomeredwa. Kali ndi matanthauzo angapo oyandikana, ngati munda umodzi wa mbewu zosiyana, ndipo limene womvera atole limadalira zina zonse zimene zabwera nako: mawu amene mwasankha, liwiro, zovala, malo, ndi amene akumvetserayo.

Tiyeni tiuyendere munda wa r wanu monga mmene ine ndimaumvera mu Lilongwe muno. Pachiyambi penipeni amangonena chinthu chimodzi choona, chakuti munthuyu anazolowera Chingerezi ali mwana. Kuchokera pamenepo anthu amalumikiza zina. Wodziwa Chingerezi chotero ndiye kuti anapita sukulu yodula, ndiye kuti kwawo kuli ndalama. Pofika apa njira imagawikana. Wina amati wophunzira, wozitsata, woyenera kumupatsa ntchito ya pa kauntala. Wina amati wodzimva, woyankhulira m'mphuno, woiwala kwawo. Wachinyamata amene amamvera nyimbo za kunja akhoza kumva zina zosiyaniratu, za uyo, za kutsogola. Matanthauzo onsewa anamera pa tsinde limodzi, ndipo palibe limene tinganene kuti ndilo lenileni.

Nkhani ya mlongo wanu ikulowera apa, ndipo pali kafukufuku wa ku Copenhagen, likulu la Denmark, amene amaiunikira bwino. Nicolai Pharao ndi anzake, mu ntchito imene inatuluka mu 2014, anatenga mawu ojambulidwa a anyamata n'kusintha pa kompyuta kaliwu kamodzi kokha, s, kuti kamveke kakuthwa, kotchulidwira kutsogolo pafupi ndi mano. Ana a sukulu atamvetsera, s wakuthwayo ali m'kamwa mwa mnyamata woyankhula Chidanishi wamba cha mumzindamo, ankati mnyamatayo ndi wa makhalidwe achikazi. S yemweyo ataikidwa m'kamwa mwa mnyamata woyankhula chiyankhulo cha m'misewu, cha m'madera okhala anthu a mitundu yosakanikirana, maganizo a omvera sanasinthe kwenikweni. Kaliwu kanali kamodzi, koma kamene kanakazungulira ndiko kanagamula.

Ndikukhulupirira kuti n'zimene zikuchitika kwanu. Mlongo wanuyo r wake amatuluka ali pakati pa “aise”, “bho” ndi “mani”, mawu akuthamanga, ali pa gulu la anzake. Pamenepo r amawerengedwa ngati mbali ya kuchangamuka kwa mnyamata wa m'tauni. Inu r wanu amatuluka muli kutsogolo kwa mpingo, mukuwerenga Chichewa cha m'buku mwaulemu, mawu alionse ali m'malo mwake, ndipo r yekhayo ndiye mlendo. Pa nsalu yoyera ndi pamene kadontho kamaoneka. Palinso china chimene sindingachibise: mtsikana amaweruzidwa msanga pa nkhani ya kudzikweza kuposa mnyamata. Chimene kwa iye amati udolo, kwa inu amati matama. Zimenezo si zachilungamo, ndipo gwero lake silili m'kamwa mwanu.

Musanasinthe kalikonse, ndikadakonda kuti muyese, chifukwa zonse ndanenazi ndi mmene khutu langa likumvera, ndipo omvera anu akhoza kukudabwitsani. Njira yake inayamba ku Montreal cha m'ma 1960, pamene Wallace Lambert ndi anzake ankamvetsa anthu mawu a munthu mmodzi akuyankhula zinenero ziwiri, omverawo akuyesa kuti ndi anthu awiri. Masiku ano timaichepetsa mpaka pa kaliwu kamodzi. Mufunika ndime yaifupi yokhala ndi r okwana khumi. Nayi imene ndakulemberani:

“Tikudziwitsa abale onse a ku Mtandire kuti mapemphero a Lachiwiri adzayamba mochedwerako. Amene adzabwere ndi ana aang'ono adikire panja mpaka belu litalira. Zopereka za mwezi uno ndi zambiri, ndipo tikuthokoza aliyense amene anathandizira.”

Werengani ndimeyi kawiri m'chipinda chopanda phokoso, foni ili pa mtunda umodzimodzi ndi pakamwa, koyamba ndi r wogunda m'mawu onse khumi, kachiwiri ndi r wanu wa masiku onse. Kenako tengani pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yotchedwa Praat, imene anapanga Paul Boersma ndi David Weenink ku Amsterdam. Mukatsegula mawu anu n'kusankha `Show formants`, mudzaona timizere ta madontho ofiira tikuyenda chopingasa. Yang'anani kamzere kachitatu kuchokera pansi, kamene amakatcha F3. Pa r wa Chingerezi kamzereka kamagwa kwambiri, kufika cha pa 2000 Hz, umene ndi muyeso wa kukwera kwa liwu, kapena kutsikirapo, pomwe pa r wogunda mumangoona kampata kakang'ono kowala ngati pamene mawu anadukiza. Apa ndi pamene mudzatsimikize kuti zojambula zanu ziwirizo zikusiyanadi pamene mukufuna.

Tsopano tengani chojambula cha r wogunda chikhale maziko, ndipo pangani mitundu inayi. Woyamba musaukhudze. Wachiwiri mulowetsemo r wachizungu m'mawu amodzi okha, tinene “mapemphero”. Wachitatu m'mawu asanu, wachinayi m'mawu onse khumi. Polowetsapo musadule kaliwu kokhako, chifukwa monga ndanena kale r wachizungu amadetsa mavawelo a m'mbali mwake, ndipo mukamuika pakati pa mavawelo oyera amamveka ngati chigamba. Dulani mawu athunthu. Pa malo odulapo gwiritsani ntchito `Move cursor to nearest zero crossing` kuti pasamveke kaphokoso kothetheka. Muonetsetsenso kuti kukwera ndi kutsika kwa mawu kukufanana m'zojambula zonse ziwiri, chifukwa Chichewa chimadalira kamvekedwe kameneko, ndipo Mchewa amazindikira msanga mawu akakwera pamene sayenera kukwera.

Pano ndi pamene ine ndinapunthwapo nditangoyamba ntchito imeneyi. Ndinapempha wophunzira wanga wina kuti awerenge ndime kawiri, ndipo sindinadule kalikonse, ndinangomvetsa anthu zojambula ziwirizo mmene zinalili. Omvera anasiyanitsa kwambiri, ine n'kusangalala. Nditabwerera kukamvetsera modekha ndinapeza kuti powerenga ndi r wachizungu mtsikanayo ankathamanga, mawu ake anakwera, ndipo ngakhale t wake anasintha. Anali atavala munthu wina yense, osati kaliwu kokha. Sindikanatha kunena kuti omverawo anagwira chiyani, ndipo ntchito ya masabata angapo ndinaitaya. Lilime likasintha chimodzi limakoka zinzake, n'chifukwa chake kudula pa kompyuta sikungalumphidwe.

Omvera akhale anthu osakudziwani mawu, ndipo wowamvetsa akhale munthu wina, osati inu. Poyambira pezani anthu 40, khumi pa mtundu uliwonse, ndipo munthu mmodzi amve mtundu umodzi wokha. Akamva iwiri amatulukira chimene mukufuna, n'kuyamba kuyankha zokukondweretsani. M'gulu lililonse musakanize achikulire ndi achinyamata, a kumsika wa ku Mtandire ndi a m'maofesi, ndipo mulembe kuti ndani ndi ndani. Sakanizaninso mawu a anthu ena awiri kapena atatu owerenga ndime zina kuti anu asaonekere. Funso loyamba likhale lotseguka: “Munthu mwamumvayu mukumuona kuti ndi wotani? Amakhala kuti? Amagwira ntchito yanji?” Lembani mawu awo enieni, chifukwa m'menemo ndi mmene muli matanthauzo amene inu ndi ine sitinawaganizire. Mukatero apatseni sikelo ya 1 mpaka 7 pa zinthu zochepa: wophunzira, wodzichepetsa, woyenera kuwerenga nkhani pa wailesi. Kumapeto kwenikweni ndi kumene mufunse ngati anamva chachilendo m'katchulidwe. Mukafunsa zimenezi koyamba mwawaloza kale pamene ayang'ane.

Zotsatira zake zingagwe m'njira zitatu, zimene Labov anazisiyanitsa kalekale. Mwina manambala sasintha m'mitundu yonse inayi. Zikatero r ameneyu amasiyanitsadi magulu a anthu koma omvera amenewa sakumuwerengera, ndipo chimene chikuvutitsa azakhali muchifunefune kwina. Mwina manambala asintha, koma mukawafunsa chimene anamva akuti palibe, kapena akuloza zolakwika, monga kuti mtsikanayo amathamanga. Apa kaliwu kakugwira ntchito mobisika, pansi pa zimene munthu angathe kunena. Mwinanso asintha ndipo omvera akukatchula dzina, ena mpaka kukayeserera akupinda milomo. Pamenepo kafika pokhala chizindikiro chodziwika kwa aliyense, chimene anthu amasekera ndi kunyozera. Poti azakhali anu ndi oyesa mawu aja anakatchula okha osafunsidwa, ndikuyembekeza njira yachitatuyi, makamaka kwa achikulire.

Chifukwa chimene ndakuuzirani kuti mupange mitundu inayi, osati iwiri, ndi ichi. Mu 2011 Labov ndi anzake anafalitsa zotsatira za kuyesa kofanana kwambiri ndi nkhani yanu. Omvera a ku Amereka ankamva munthu akuwerenga mitu ya nkhani ngati wofuna ntchito ya pa wailesi, m'ndime yokhala ndi mawu khumi othera ndi -ing, ndipo chiwerengero cha mawu otchulidwa mwa njira ya kumudzi, yomeza mapeto, chinkasinthidwa. Anapeza kuti kutsika kwakukulu kwa ulemu kunkabwera ndi kamodzi koyamba. Kachiwiri ndi kachitatu kankatsitsa pang'ono, ndipo kupitirira pamenepo kuwonjezera sikunkasintha zambiri. Khutu likagwira kamodzi limakhala kuti lagamula kale.

Tiyerekeze tsono kuti pa funso la kudzichepetsa mwapeza 6 pa mtundu wopanda r wachizungu, 4 pa wa mmodzi, ndipo 3.5 pa wa asanu ndi wa khumi womwe. Manambala amenewa ndangowapeka kuti muone kawerengedwe kake. Akanakuuzani kuti kuchepetsa r wanu ndi theka n'kutaya mphamvu pachabe, chifukwa ngakhale mmodzi yekha akugwira pafupifupi ntchito ya onse. Koma mutapeza 6, 5.8, 5 ndi 4, ndiye kuti omvera akuwerengera kuchuluka kwake, ndipo kuchepetsa kulikonse kukuthandizani. Muyang'anenso funso la kuphunzira, chifukwa mwina pamene kudzichepetsa kukutsika, kuphunzira kukukwera, ndipo imeneyo ndiyo mitengo iwiri imene muyenera kuiyeza. Musatenge zotsatira za ku Amereka ngati lamulo. Erez Levon ndi Sue Fox atabwereza kuyesa komweko ku Britain mu 2014, mathero a -ing aja sanasunthe omvera monga anachitira ku Amereka. Chimene chimagwira khutu mumzinda wina chikhoza kudutsa chosamveka mumzinda wina, ndiponso anthu khumi pa gulu ndi ochepa moti munthu mmodzi wokwiya akhoza kupendeketsa nambala yonse. Kusiyana kwa theka la nambala musakumangire nyumba.

Za kusiya kapena kusasiya, maganizo anga ndi awa. Musamutaye r wanu, koma phunzirani mnzake, kuti mukhale ndi awiri. Pa wailesi ya Chichewa womvera ali ku Mitundu kapena ku Nsaru amafuna kumva nkhaniyo, ndipo kaliwu kalikonse komuchotsa pa nkhani n'kumuika pa inu kakukuchotserani kanthu. Pamenepo oyesa mawu aja anali ndi mfundo, ngakhale akanatha kuinena mokoma. Kuphunzira r wogunda sikovuta. Nenani “zambidi” ndi d wopepuka, mubwereze mukuwonjezera liwiro mpaka d uja atangotsala kagundidwe kamodzi, ndipo mudzapeza kuti mwanena “zambiri” wa azakhali. Chitani chimodzimodzi ndi “bweda” ndi “pemphedo”. Milomo ikhale yotambasuka, isasongoke. Mphindi khumi patsiku kwa masabata angapo, mukudzijambula ndi kumvetsera, zimakwanira kwa anthu ambiri pa mawu owerenga. Pa macheza wamba zimatenga nthawi yotalikirapo, chifukwa maganizo amakhala pa nkhani.

Chenjerani ndi kupyoza muyeso. Ndaonapo achinyamata amene pothawa r wachizungu amayamba kunjenjemeretsa lilime, “zambirrri”, ngati mlaliki wa pamsika atafika pachimake. Ameneyo ndi r wachitatu, ali ndi matanthauzo akeake, ndipo m'kamwa mwanu angamveke ngati mukuyeserera anthu. Ena amasintha r aliyense kukhala l wolemera, zimene azakhali angazimve ngati mukuwanyogodola. Palinso ngozi ina yochokera kumbali ya anzanu a ku 47: mukasintha mwadzidzidzi pakati pawo adzati mukudzipangitsa. Anthu amakhululukira katchulidwe kachilendo msanga kuposa katchulidwe kamene akuona kuti ndi kongovala. Choncho yambirani pa zolengeza za kutchalitchi, pamene aliyense amayembekeza kuti munthu ayankhule mosamala, ndipo kwinako mulole kuti lilime lipeze njira yake.

Pali nthawi imene nkhani ngati iyi imafuna thandizo loposa langa. Ngati mutayesetsa kwa miyezi iwiri kapena itatu lilime likukanika ndithu kufika pa nkhama, kapena mukuona kuti d, t ndi l nawonso amakuvutani, kapena simutha kumva kusiyana kwa zojambula zanu ziwiri pamene ena akukumva bwinobwino, pitani kuchipatala chachikulu mukafunse za oyeza makutu ndi othandiza pa kayankhulidwe. Ngati mawu a anthu afika pokuchititsani mantha kuima kutsogolo, mtima kugunda, mawu kunjenjemera, kambiranani ndi mlangizi kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, chifukwa mantha otero sathera pa kukonza kaliwu. Ndipo ngati kuyesa kuja kwakukomerani moti mukufuna kukuchita mozama, a Centre for Language Studies ku Zomba ndi aphunzitsi a zinenero ku Yunivesite ya Malawi angakuthandizeni pa kasankhidwe ka omvera ndi kawerengedwe ka manambala. Aliyense amene mukumujambula kapena kumufunsa mumupemphe chilolezo kaye, ndipo dzina lake lisalembedwe pa pepala la mayankho.

Mlongo wanu mumujambulenso ndi ndime yomweyo ya mapemphero a Lachiwiri, mitundu inayi yomweyo. Akawerenga Chichewa cha m'buku, wopanda “aise” womutchinga, mudzaona ngati udolo uja utsala kapena nayenso amveka wodzimva. Akamveka wodzimva, ndiye kuti chimene chinkamuteteza chinali chiyankhulo cha anzake. Akapanda kutero, ndiye kuti omvera akuyeza mnyamata ndi mtsikana ndi miyeso iwiri. Ndipo tsiku lina mukapita ku Mtandire, mutakhala pa mkeka mukusadzula masamba ndi azakhali, muwapemphe mwaulemu kuti akuyeserereni mmene mumayankhulira. Mumvetsere mawu amene asankhe ndi chimene achite ndi milomo yawo. Ngati atalikitsa r yekha, mwadziwa pogwira. Ngati akwezanso mawu, kutukula chibwano ndi kuponyamo Chingerezi, mulembe zonsezo, chifukwa ndi zimene muyenera kudzaziyesa pa ulendo wachiwiri.